Konkire wa silabu wochuluka kakhumi: kufufuza bilu ya kontirakitala musanasaine

"Ndikufuna kumanga nyumba ya mamita 12 mulitali ndi mamita 9 mulifupi. Kontirakitala wandipatsa bilu ya masamba 14, pamwamba pake palembedwa kuti BOQ, ndipo akuti ndisaine sabata ino. Ndayesa kuchulukitsa mizere ingapo pa foni. Pa penti alemba 340 m2, mtengo 45, ndalama yake 13,500, koma ine ndikupeza ina. Pa konkire wa silabu ya pansi, yochindikala 100 mm, alemba 108 m3, mtengo 1,500, ndalama 162,000. Apa masamu akugwirizana, komabe mtima wanga sukuvomera chifukwa ndalamayo ikuposa ya denga. Kodi akufuna kundibera? Ndifufuze bwanji mizere yonseyi?" — Mayi amene akumanga koyamba

Mayi, mtima ukhale m'malo, ndipo sabata ino musasaine. Mwa mabilu ambirimbiri amene adutsa pa tebulo langa, ochepa kwambiri ndi amene ndinawapeza opanda cholakwika ngakhale chimodzi. Zolakwika zambiri zimabwera chifukwa cha changu, kutopa, kapena kukopera mizere kuchokera mu bilu ya nyumba ina. Mizere iwiri imene mwatchulayi ikuonetsa zomwezo, chifukwa umodzi ukupweteka inu ndipo winawo ukupweteka kontirakitala yemweyo. Sindinganene kuti palibe amene amachita dala, alipo ndithu. Koma kafufuzidwe kake n'kamodzi, ndipo mudzalankhula naye bwino mukafika ndi manambala m'manja kusiyana ndi kufika ndi mlandu pakamwa.

BOQ ndi chidule cha Bill of Quantities, mndandanda wa ntchito zonse zomanga, kuchuluka kwake ndi mitengo yake. Mzere uliwonse wa bilu uli ndi zinthu zisanu: mafotokozedwe a ntchito, muyeso wake, kuchuluka kwake, mtengo wa muyeso umodzi, ndi ndalama ya mzere wonse. Pa pepala lanu makolamu anayi otsirizawo mwina alembedwa kuti `Unit`, `Qty`, `Rate` ndi `Amount`. Foni yanu imangoona atatu omalizawo. Muyeso ndi mafotokozedwe siiwawerenga, ndipo kumeneko n'kumene ndalama zazikulu zimatayikira.

Tiyambe ndi penti, poti ndiyo yosavuta. Mukachulukitsa 340 ndi 45 mupeza 15,300. Wolemba anatembenuza 5 ndi 3 n'kulemba 13,500, motero mzerewo waperewera ndi 1,800. Pali chizindikiro chimene ife owerengera timachidalira: kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala, kawirikawiri pamakhala kuti manambala awiri asinthana malo, kapena kadontho kaikidwa pamalo polakwika. Apa 1,800 kugawa ndi 9 ndi 200 ndendende. Mukaona kusiyana kotere musavutike kufunafuna chifukwa china, yang'anani kalembedwe ka nambalayo.

Mwina mumtima mukuti, poti cholakwikachi chikundikomera, ndingokhala chete. Ndikukulangizani kuti musatero. Kontirakitala adzachiona tsiku lokonza pepala lofunsira malipiro a penti, ndipo mkangano wake udzabwera nyumba ili pakati, nthawi imene simungathe kumusiya mosavuta. Komanso mukafuna kuti iye avomere kutsitsa konkire, mawu anu adzakhala ndi mphamvu ngati mwamuonetsanso pamene anadzichepetsera yekha.

Tsopano konkire, pamene mtima wanu wakana. Wakana zoona. Nyumba ya mamita 12 ndi mamita 9 pansi pake ndi masikweya mita 108. Ameneyo ndi malo chabe, kutambalala kwa pansi. Konkire amayesedwa ndi makiyubiki mita, ndiye kuti malowo achulukitsidwenso ndi kuchindikala kwa silabu. Mamilimita 100 ndi 0.1 ya mita, choncho 108 kuchulukitsa ndi 0.1 ndi 10.8 m3. Wolemba bilu anatenga nambala ya malo n'kuiika pa mzere wa makiyubiki mita, sitepe yochulukitsa ndi kuchindikala anailumpha. Pa mtengo womwewo wa 1,500, ndalama yoyenera ndi 16,200. Bilu yakwera ndi 145,800 pa mzere umodzi wokha, pamene kuchulukitsa kwake kulibe banga.

Kuti muone kukula kwake ndi maso, taganizani konkire wa 108 m3 atathiridwa pa malo a 108 m2. Silabu imeneyo ikhoza kuchindikala mita yathunthu, kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Kapena werengani simenti. Konkire wamba wa muyeso wa 1:2:4, kutanthauza gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala, amadya matumba pafupifupi 6 a makilogalamu 50 pa kiyubiki mita iliyonse. Silabu yanu ikufuna matumba 65 kapena kuposerapo pang'ono, pamene nambala ya mu biluyo ikunena za matumba oposa 600. Ine ndikakayika nambala, ndimaisandutsa chinthu chooneka chotere: matumba angati, malole angati, kutalika kufika pati.

Koma musathamangire kunena kuti kuchuluka ndiko kwalakwika musanayang'ane mtengo. Pali kayesedwe kena kamene silabu imalembedwa mu masikweya mita, kuchindikala kwake n'kutchulidwa m'mafotokozedwe. Kukanakhala kuti kontirakitala anatsata njira imeneyo, 108 ikanakhala yolondola, cholakwika chikanakhala kanambala kakang'ono ka 3 m'malo mwa 2, ndipo mtengo ukanayenera kukhala pafupifupi 150 pa sikweya mita. Njira yodziwira ndi kufufuza mzere wina wa konkire mu bilu yomweyo, monga wa m'ngalande za maziko. Ngati kumeneko kiyubiki mita ili pa mtengo woyandikira 1,500, ndiye kuti mtengo wa silabuwo ndi wa kiyubiki mita, ndipo 108 ndiyo yolakwika. Mulimonsemo ndalama ya mzerewo ikuyenera kukhala pafupi ndi 16,200. Ngati pulani ikuonetsa kuti m'mphepete mwa silabu muchindikale kuposa pakati, 10.8 ikwera pang'ono, mwina kufika 12 kapena 13, osati 108.

Cholakwika cha mtundu umenewu ndicho ndimachiopa kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake ndimauza anthu kuti awerenge mzere uliwonse mokweza ngati chiganizo asanagwire foni. Nenani kuti, "konkire wa silabu, makiyubiki mita 108, iliyonse pa 1,500." Khutu limagwira zimene diso lalumpha. Mudzifunse ngati muyesowo ukuyenerana ndi ntchitoyo. Kukumba, kukwirira ndi konkire nthawi zambiri zimayesedwa ndi m3. Khoma, pulasitala, penti, matailosi, malata ndi siling'i zimayesedwa ndi m2. Mapaipi, ngalande za madzi a padenga ndi matabwa a m'mphepete zimayesedwa ndi m, kutalika kokha. Zitsulo za mu konkire zimayesedwa ndi kg kapena t. Zitseko, mawindo ndi masinki zimawerengedwa chimodzichimodzi. Mukapeza pulasitala mu m3, kapena chitseko mu m popanda chifukwa, ikani chizindikiro.

Pa zitsulo ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa cholakwika chake chimabisala kuposa cha konkire. Chachikulu chimaoneka msanga: tani ndi makilogalamu 1,000, ndiye munthu akaika mtengo wa tani pa mzere wa makilogalamu, ndalama imakwera ka 1,000 ndipo aliyense amadzidzimuka. Chobisika ndi chakuti wina wayesa kutalika kwa zitsulo pa pulani, n'kulemba mamitawo ngati makilogalamu. Kulemera kwa mita imodzi ya chitsulo kumapezeka pochulukitsa kunenepa kwake, mu mamilimita, ndi nambala yomweyo, kenako kugawa ndi 162.

```
kg pa mita = d x d / 162
```

Chitsulo cha mamilimita 12 chimalemera 0.888 kg pa mita. Ngati nyumba ikufuna mamita 600, kulemera kwake ndi makilogalamu 533. Wina akalemba 600 kg, wawonjezera makilogalamu 67, ndipo palibe amene angadzidzimuke nazo poti manambalawo ndi oyandikana. Pa chitsulo cha mamilimita 8, cholemera 0.395 kg pa mita, cholakwika chomwecho chimakulipiritsani kawiri ndi theka. Pa cha mamilimita 16, cholemera 1.58 kg pa mita, zimatembenuka: bilu imachepa, kontirakitala amaluza, ndipo kontirakitala amene akuluza pa zitsulo amayesedwa kuti atalikitse mipata pakati pa zitsulozo. Kumeneko vuto lachoka pa ndalama lafika pa kulimba kwa nyumba. Pemphani mndandanda wa zitsulo umene injiniya amakonza, woonetsa kunenepa, kutalika ndi chiwerengero cha chitsulo chilichonse, ndipo muyerekeze kulemera kwake ndi kwa mu bilu.

Simukuyenera kuyesa nyumba yonse mwatsopano kuti mugwire zolakwika za kuchuluka. Mizere yambiri mu bilu ndi yapachibale, ndipo umodzi umatsimikizira unzake. Miyala yoyala pansi pa silabu, pulasitiki yotchinga chinyontho, waya wa mu silabu, matailosi ndi siling'i zonse zimakhala pa malo amodzimodzi, choncho ngati zayesedwa mu masikweya mita ziyenera kuyandikira 108, matailosi ndi siling'i kucheperapo pang'ono chifukwa makoma amadya malo. Pulasitala wa mbali zonse ziwiri ayenera kuyandikira kuwirikiza kawiri kwa khoma la pamwamba pa silabu. Penti wa makoma ayenera kuyandikira pulasitala. Ngati pulasitala ali 520 m2 koma penti ndi 340 m2, funsani kuti makoma enawo sapentedwa kodi, kapena ali pa mzere wina. Malata amaposa malo a pansi chifukwa cha kupendekeka kwa denga ndi khonde lake: denga lopendekeka madigiri 30 limawonjezera pafupifupi 15 pa 100 iliyonse, khonde lisanawerengedwe. Malata a 150 m2 pa nyumba yanu sangandidabwitse, koma a 300 m2 angandiimitse.

Kontirakitala akayankha kuti anawonjezera kuchuluka chifukwa cha zotayika ndi zoduka, dziwani kuti malamulo odziwika a kayesedwe ka ntchito zomanga amati ntchito iyesedwe monga idzakhalire pa nyumbayo ikatha. Zotayika zimalowa mu mtengo. Akaziika mu kuchuluka ndi mu mtengo momwe, mwazilipira kawiri. Onaninso ngati mipata ya zitseko ndi mawindo yachotsedwa pa khoma, pulasitala ndi penti. Ndipo ngati pulani ili mu mafiti pamene bilu ili mu mamita, samalani kwambiri: futi ndi 0.3048 ya mita, sikweya mita imodzi ili ndi masikweya futi 10.76, ndipo kiyubiki mita imodzi ili ndi makiyubiki futi 35.3. Wosintha malo ndi nambala yosinthira kutalika amalakwitsa kuposa katatu.

Kuchulukitsa mizere yonse ya masamba 14 pa foni n'kotheka, koma pemphani kontirakitala akupatseni fayilo yake ya Excel, osati pepala lokha. Tinene kuti kuchuluka kuli mu kolamu D, mtengo mu E, ndalama mu F. Mu makolamu awiri opanda kanthu lembani izi pa mzere woyamba wa ntchito, kenako muzikokere mpaka pansi:

```
=ROUND(D5*E5,2)-ROUND(F5,2)
=ISFORMULA(F5)
```

Yoyambayo ikuyenera kupereka 0 pa mzere uliwonse wa ntchito. Pamene patuluka nambala ina pali chofunika kuchiona, kupatula mizere yophatikiza ndalama za tsamba ndi ya ndalama zoikidwa mwachigulu zopanda kuchuluka. Yachiwiriyo ikalemba `FALSE`, ndiye kuti ndalamayo munthu anailemba ndi manja, siikutsata kuchuluka ndi mtengo. Penti wanu uja ndikukhulupirira kuti atuluka `FALSE`, chifukwa kompyuta siitembenuza manambala. Mabokosi oterewa amakhala olondola tsiku loyamba, koma wina akasintha kuchuluka pambuyo pake, ndalama imatsalira pa nambala yakale.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti bilu ya pa kompyuta siingalakwe pophatikiza. Imalakwa ndithu. Wina amawonjezera mzere pansi penipeni pa gawo, koma lamulo lophatikiza likuthera pa mzere wapamwamba pake, ndipo mzere watsopanowo sulowa mu ndalama yonse. Dinani pa bokosi lililonse la `SUM` muone pamene likuyambira ndi pamene likuthera. Nambala ina imalowa ngati mawu, makamaka ikakoperedwa kuchokera kwina, ndipo `SUM` imailumpha mwakachetechete. Mumaizindikira chifukwa imakhala kumanzere kwa bokosi pamene anzake ali kumanja. Yang'ananinso manambala a mizere kumbali: akalumpha kuchoka pa 41 kufika pa 45, pali mizere yobisidwa, ndipo ndalama zake zimaphatikizidwabe. Chinanso ndi kuchuluka kooneka ngati 11 pamene mkati mwa bokosi muli 10.8. Apa kusiyana ndi foni yanu si cholakwika cha masamu, koma pemphani kuti manambala aoneke athunthu pa pepala losainidwa kuti mawa pasakhale mkangano. Potsiriza yesani ndalama ya gawo lonse ndi njira ina:

```
=SUMPRODUCT(D5:D60,E5:E60)
```

Mukawonjezerapo ndalama zoikidwa mwachigulu zija, yankho lifanane ndi lomwe lalembedwa pansi pa gawolo.

Mizere ikatha, tsatirani ndalama paulendo wake. Ndalama ya pansi pa tsamba lililonse imapititsidwa pamwamba pa tsamba lotsatira, kapena ku tsamba losonkhanitsira la gawolo, kenako ku tsamba la chidule. Ikani chala pa nambala ya kumene ikuchokera ndi china kumene yafika. Tsamba limodzi likhoza kulowa kawiri, lina osalowa n'komwe. Pa chidulepo mupeza ndalama zowerengedwa ngati gawo la zonse, monga ya zadzidzidzi ndi msonkho. Zimenezi zimakulitsa cholakwika chilichonse cha m'mwamba. Ngati ya zadzidzidzi ndi 10 pa 100, konkire uja wakulipiritsani 145,800 ndi 14,580 ina pamwamba, zonse 160,380, ndipo msonkho ukwera pamwamba pa zimenezo. Choncho mukakonza mizere, chidule chonse chiwerengedwenso kuyambira pamwamba. Mizere yolembedwa kuti `Rate only` ndi yongodziwitsa mtengo ngati ntchitoyo itadzafunika, siiyenera kukhala ndi ndalama yolowa mu chidule.

Nthawi ikachepa, yambani ndi mizere khumi ya ndalama zazikulu. Pa nyumba yokhalamo, mizere yochepa ya konkire, zitsulo, makoma ndi denga ndiyo imanyamula gawo lalikulu la ndalama, ndipo ola limodzi pa imeneyo limapulumutsa zambiri kuposa tsiku lonse pa maloko ndi mahinjesi.

Funso lotsatira n'lakuti, manambala awiri akatsutsana, wolondola ndi uti? Pa mipikisano yambiri yosankhira kontirakitala, kuphatikizapo ya ntchito zolipiridwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, lamulo limati mtengo wa muyeso umodzi ndiwo umaima, ndipo ndalama ya mzere ndiyo imakonzedwa, pokhapokha ngati zikuonekeratu kuti kadontho ka mu mtengowo kanaikidwa pamalo polakwika. Ndalama za magawo zimaima kuposa ndalama yonse ya pansi, ndipo kawirikawiri yolembedwa m'mawu imaima kuposa ya manambala. Potsata lamulo limeneli penti wanu akwera kufika 15,300. Pali mapangano ena amene ndalama yonse siisintha, kontirakitala amangouzidwa cholakwikacho kuti asankhe kuimabe pa mtengo wake kapena kuchoka. Werengani mapepala anu muone ngati anenapo kanthu. Ngati sananene, gwirizanani lamulo limodzi musanayambe kukonza, ndipo ligwire ntchito pa mizere yonse, yokukomerani ndi yosakukomerani. Zindikiraninso kuti lamuloli silingachize konkire uja, chifukwa pamenepo mtengo ndi ndalama zikugwirizana. Kuchuluka kumakonzedwa ndi pulani basi.

Kuopsa kosaina osakonza kumadalira mtundu wa pangano. Ngati mwagwirizana mtengo umodzi wa nyumba yonse, 162,000 ija yalowa mu mtengowo ndipo kuichotsamo pambuyo pake n'kovuta kwambiri. Ngati pangano likuti ntchito idzayesedwanso ikatha, kuchuluka kudzadzikonza kokha pa tsiku loyesa, komabe malipiro oyambirira owerengedwa kuchokera pa ndalama yonse adzakhala atakwera kale. Pa pangano lotere choopsa kwambiri ndi mtengo wolakwika, chifukwa mitengo ya mu bilu ndiyo imagwiritsidwa ntchito mukadzawonjezera kapena kusintha ntchito. Mtengo wokwera kakhumi pa mzere wa 2 m3 suoneka lero, koma kukumba kukakumana ndi thanthwe n'kufika 40 m3, mudzaumva kupweteka. Mizere ya kuchuluka kochepa muiyang'ane mtengo wake ndi diso lomwelo.

Musafufute kapena kulemba nokha pa bilu ya kontirakitala. Tengani pepala lina, mulembe nambala ya tsamba, nambala ya mzere, zimene zalembedwa, zimene inu mwapeza, ndi kusiyana kwake. Pa konkire lembani masamu onse, 12 x 9 x 0.1, kuti aone kumene 10.8 yachokera. Mutumizireni ndi kumupempha ayankhe molemba pa mzere uliwonse, atulutse bilu yatsopano yokhala ndi tsiku lake. Ikabwera, ifufuzeni yonse, osati mizere yokonzedwa yokha. Ndinaonapo bilu imene konkire anatsika monga tinapempha, koma mitengo ya makoma ndi denga inakwera mwakachetechete mpaka ndalama yonse inabwerera pafupi ndi pomwe inali. Ikani bilu yakale ndi yatsopano pambalipambali, muyerekeze mtengo ndi mtengo. Kontirakitala ali ndi ufulu wonena kuti akufuna kusintha mtengo musanasaine, koma anene poyera ndi chifukwa chake.

Mungathe kuchita nokha zonse ndafotokozazi. Funani katswiri wowerengera ntchito zomanga, amene sali kumbali ya kontirakitala, ngati mwapeza zolakwika za muyeso kapena kuchuluka pa mizere itatu kapena kuposerapo, chifukwa zimenezo zikusonyeza kuti bilu inakoperedwa kuchokera ku nyumba ina ndipo ikufunika kuyesedwa mwatsopano kuchokera pa pulani. Mufuneninso ngati kontirakitala akukana kupereka fayilo kapena masamu ake, ngati palibe mndandanda wa zitsulo, kapena ngati ndalama zomangira ndi ngongole imene wobwereketsa adzatulutsa potsata biluyo. Poti bilu yanuyi analemba ndi kontirakitala yemweyo, kuchuluka ndi mitengo yomwe, palibe munthu wachiwiri amene waiona kupatula inu, ndipo pa ine chimenecho chokha n'chifukwa chokwanira cholipira katswiri kuti aione tsiku limodzi. Popita kwa iye mutenge pulani yokhala ndi miyeso, zojambula za injiniya, bilu, fayilo yake, pepala la pangano losasainidwa, ndi mndandanda wanu wa zolakwika.